Malipiro anga amagona ku Area 25

Kwathu ku Kawale ndimadziwika kuti ndine wa masamu. Pamaliro ndine ndimawerengera chipepeso. Ndiye izi musakawauze anzanga a pa bawo.

Unali Januwale, mwezi umene ngakhale mbewa zimasamuka m'nyumba mwanga. Sukulu ikufuna fizi, alandilodi akutsokomola pakhomo m'mawa uliwonse ngati ali ndi chifuwa. Mnzanga wina wa ku Biwi anandinong'oneza kuti ku Area 25 kuli bambo wina wa mtima wabwino. Dzina loti katapila sanalitchule.

Bamboyo anandilandira ngati mlamu wake. "Achimwene, mavuto ndi a tonse. Zingati?" Ndinati K100,000. Anatulutsa pepala lolembalemba kale, n'kundipatsa cholembera, chala chake chili pamalo posaina. Nditati ndiwerenge kaye, anayang'ana wotchi. Akuti ndalama zatsala zomwezo, ndipo mphunzitsi wina wa ku Chinsapo ali kale pa kabaza kudzazitenga. Nditati ndikafunse mayi a kunyumba, anaseka. "Mwamuna wamkulu ngati inu?" Ndinasaina pompo kuti aone kuti ndine mwamuna. Mphunzitsi uja mpaka lero sanafike.

Diso langa linagwa pa nambala imodzi yokha: pepalalo limati ndabwereka K150,000. Za chiwongoladzanja panalibe. "N'kalembedwe chabe," anatero. Kalembedwe kameneka kali ndi ntchito yake. Nkhani ikadzafika kubwalo la milandu, pepala lidzaonetsa munthu wachifundo amene anandibwereka ndalama popanda phindu, ine n'kukhala wakuba. Pepalalo linali limodzi, ndipo linalowa m'thumba mwake.

Powerenga ndalama anachotsa K10,000 ya fomu ndi K5,000 ya mboni. Mboniyo anali mphwake, amene nthawi yonseyi amadya chimanga chootcha pakhonde. M'manja mwanga munalowa K85,000.

Kenaka anati, "Tikusungireni khadi ya ku banki, nambala yake yachinsinsi, ndi chiphaso cha unzika. N'chikole chabe." Ndinapereka, n'kuthokozanso.

Tsono tamverani masamu a katswiri wa ku Kawale. Malipiro anga ndi K140,000. Mwezi utatha, foni inalira kawiri: uthenga woyamba woti zalowa, wachiwiri woti zatuluka. Ine ndili pa mzere wa minibasi, iye ali pa makina a banki. Ngongole inatsala K10,000, kunyumba ufa kulibe. Ndinabwerera ku Area 25 kukabwereka K100,000 pa malipiro anga omwe. Fomu ndi mboni zinadyanso zake, ndipo K110,000 itabereka theka lake inakhala K165,000. Mwezi wotsatira anatapanso K140,000, kutsala K25,000, ine n'kubwerekanso. Pofika apo ndinali nditalandira K255,000 yonse pamodzi, iye atatenga kale K280,000, koma pepala latsopano likuti ndili ndi ngongole ya K187,500.

Nzeru zinabwera usiku: ndikatseketse khadiyo ndi kutenga ina. Ndinavala jekete n'kupita ku banki. Mtsikana wa pa kauntala anamwetulira. "Chabwino bambo, tione chiphaso chanu." Ndinasisita matumba onse anayi mwaulemu, ngati ndaiwala. Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chake mkulu uja anatenga ziwiri zonse. Chiphaso sangachigulitse kwa munthu, koma popanda icho sindingatenge khadi ina, sindingabwezeretse nambala ya foni ikatayika, sindingakongole kwina kuti ndimubweze iye. Khadi ndi mbuzi, chiphaso ndi chingwe.

Mtsikanayo ataona thukuta langa anatsitsa mawu. Anati obwereketsa ovomerezeka amakhala ndi chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi, ndipo munthu uli ndi ufulu wopempha kuchiona. Chiphaso amangochijambula n'kukubwezera pomwepo, pepala la mgwirizano amakupatsa lako, ndipo nambala yachinsinsi ngakhale banki yeniyeniyo siifunsa. Ndinagwedeza mutu ngati ndikufunsira mnzanga.

Nditapita kukadandaula, bambo wa mtima wabwino anali ndi njira. Ndibweretse mapepala a poloti, tilembe ngati ndamugulitsa, "pongosungitsa". Umphawi unandipulumutsa: poloti ndilibe.

Mathero ake ndinaulula kwa mayi a kunyumba, amene ndi msungichuma wa banki m'khonde ya amayi a m'dera lathu. Sanakalipe. Anangondiuza kuti ndibwerezenso masamu aja pang'onopang'ono pamaso pa amayi khumi ndi awiri, ndipo mmodzi anapempha kuti ndibwereze kachitatu poti amaseka sanamve bwino. Anandikongoza kudzera m'dzina la mayiwo, chiwongoladzanja chake cholembedwa m'kope poyera.

Tsiku lokaombola, mkulu uja anatulutsa katoni ya nsapato yodzaza ziphaso, zomangidwa m'mitolo ndi mphira. Pofufuza changa ndinaona nkhope ya mnzanga wa ku Biwi uja, kenaka ya alandilodi anga.

Khadi tsopano imasungidwa ndi mayi a kunyumba. Nambala yachinsinsi anasintha, ndipo akuti adzandiuza ngongole ikatha.