Masamba a Mkuyu

Akuluakulu amene adati ukaipa dziwa nyimbo, ndikhulupirira kuti adaoneratu tsiku limene ine, mwana wa mlimi wa fodya, ndidzapatsidwe desiki m'kabungwe kena ka mu Lilongwe pamodzi ndi udindo wolemba gawo la mawu la lipoti lopita kwa madona. Pakuti pamene mayi wowerengera ndalama amangoika manambala m'timabokosi take naweruka dzuwa likali pamwamba, ine ndiye ndimatsala kuti ndiwaimbire manambalawo nyimbo, angakhale atabadwa oipa chotani. Madona ndikunenawa si akazi ovala zipewa ayi, monga adaganizira amake ana anga tsiku lija ndidawauza kuti ndifika usiku chifukwa madona afuna ndiwasangalatse lisanakwane Lachisanu. Ndi anthu a kutsidya kwa nyanja amene amatipatsa ndalama zokumbira mijigo m'midzi ya ku Dowa, ndipo ikatha miyezi itatu iliyonse amafuna kumva chimene tachita nazo.

Lipoti lotere limayenda ndi anzake awiri, monga mkwatibwi ndi aphelekezi. Woyamba ndi logifulemu, ndilo gome limene tidalembamo malonjezo athu popempha ndalama, ndipo mzere uliwonse uli ndi malo awiri oyandikana: chimene tidalonjeza ndi chimene tachita. Wachiwiri ndi lipoti la ndalama, losonyeza zimene tidati tidzawononga ndi zimene tawonongadi. Ntchito ya gawo la mawu, imene ndidaimvetsa nditaigwira kale zaka zinayi, ndiyo kulongosola chifukwa chimene manambala oyandikanawo akusiyanirana, ndi chimene tichite kuti agwirizane. Ine ndinkayesa kuti ntchito yake ndi ya masamba a mkuyu aja adasoka makolo athu oyamba m'munda muja.

Tsono kudali kuti m'miyezi ya Okutobala, Novembala ndi Disembala chaka cha 2023 tidalonjeza mijigo 10, umodzi pa mtengo wa K7 miliyoni, yonse pamodzi K70 miliyoni. Pofika tsiku lotsiriza la chaka tidali titaboola maenje 6, ndipo limodzi mwa iwo, ngakhale makina adatsika mamita 60, lidangolavula fumbi. Motero mijigo yotulutsa madzi idali 5, theka lenileni la lonjezo. Koma ndalama zidali zitapita K56 miliyoni, ndiko kuti K80 pa K100 iliyonse. Munthu woopa Mulungu akadayamba lipoti ndi manambala awiri amenewa. Ine ndidawayang'ana monga munthu ayang'anira mwini ngongole pa maliro, ndipo ndidatembenuza nkhope.

Pangano lidatipatsa masiku 30 olembera, koma popeza zengerezu adalinda kwawukwawu, ndidayamba kutatsala masiku awiri, ndipo ndidayamba monga ayambira alembi onse a malipoti pansi pa thambo: kutsegula lipoti la miyezi itatu yapitayo ndi kusintha madeti. Pamenepo ndidayamba kusoka masamba anga. Ndidadzaza mapeji anayi ndi misonkhano imene tidachititsa, maulendo amene tidayenda ndi maphunziro a makomiti a mijigo, osaiwala tsiku ndi malo, chifukwa wowerenga akatopa ndi zimene mudatanganidwa nazo amaiwala kufunsa zimene zidatulukamo; kapena kunena zoona, ndinkayesa kuti amaiwala. Ndidalemba kuti maenje 6 adakumbidwa, mawu amene sadali bodza, ngakhale logifulemu imawerenga mijigo yotulutsa madzi osati maenje. Kenaka ndidatenga 6 uja n'kuchulukitsa ndi 250, chiwerengero cha anthu amene mjigo umodzi uyenera kutumikira, ndipo taonani, anthu 1,500 adayamba kumwa madzi abwino ine ndisanadzuke pa mpando.

Pofika pa mutu wa zovuta ndidaitana mnzanga wakale, mneni wopanda mwini. Ntchito idachedwetsedwa, zolakwika zina zidaoneka, njira zidatsatidwa. Adachedwetsa ndani, adalakwa ndani, njira zake ziti, zimenezo ndidazisiya m'manja mwa mizimu. Ndipo pomaliza ndidatulutsa tsamba langa lalikulu, limene ndidali kulinyadira kwambiri: ndidalemba kuti pa 9 Novembala 2023 Banki Yaikulu idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi nichoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndi kuti ichi ndicho chidadya ndalama zathu. Ndani angatsutsane ndi tsoka limene lidagwera mtundu wonse? Mapeji adakwana 14. Abwana adaliyeza m'manja ngati nkhuku ya pa msika, nati, "Lalemera bwino, achimwene, tumizani."

Patapita masiku 11 lidabwerako lili ndi timafunso m'mphepete, tolembedwa mwaulemu woopsa ndi mayi wina amene sindidamuonepo nkhope, koma amene mwachionekere amawerenga mapepala onse atatu atawayala pamodzi. Adafunsa kuti misewu ya ku Dowa idali youma ndi yoyendeka bwino motani pa peji 3, pamene pa peji 9 makina adatitimira m'matope. Chiganizo cha pa peji 3 chija chidali chotsalira cha mwezi wa Ogasiti. Adafunsa ngati anthu 1,500 tidawawerenga kapena tidawachulukitsa, ndi kuti akazi ndi angati, amuna angati. Koma funso limene lidandiumitsa pakamwa lidali la kwacha. "Ndalama tidakutumizirani m'madola," adatero. "Kwacha ikagwa, dola iliyonse iyenera kukupatsani makwacha ambiri koposa kale. Tithandizeni kumvetsa kuti kugwako kudakusaukitsani bwanji."

Ndidanyamula funsolo kupita nalo kwa mayi wowerengera ndalama, amene adandiyang'ana pamwamba pa magalasi monga mtsogoleri wa Mvano ayang'anira mwamuna wobwera ku tchalitchi akununkha kachasu.

"Achimwene, musanalembe mudandifunsa?"

"Mudali otanganidwa, mayi."

"Ndidali pano, khoma limodzi kutisiyanitsa. Khalani pansi."

Ndipo adandiphunzitsa m'mphindi khumi zimene ndidazikwirira m'mapeji 14. Madola aja tidawasintha onse kukhala makwacha tsiku limene adafika, mu Okutobala, pa mtengo wakale. Motero pamene kwacha idagwa idatipeza titaikumbatira, ndipo phindu limene mayi wa kutsidya ankafunsa lidatidutsa pakhomo. Mapampu a Afiridevu ndi zipangizo zina zimachokera kunja, mafuta nawo adakwera, ndiye kontilakitala adakweza mtengo kufika K9 miliyoni. Mijigo 2 yoyamba idadya K14 miliyoni pa mtengo wakale, 3 yotsatira idadya K27 miliyoni, dzenje louma lidatenga K6 miliyoni, ndipo K9 miliyoni ina idali kale m'manja mwa kontilakitala ngati chikole cha ntchito imene adali asanaigwire. Nayo K56 miliyoni yanga, yathunthu, yopanda mfiti kapena mbala. Zotsala zidali K14 miliyoni, zokwanira mjigo umodzi ndi chenje. Kuphatikiza wa chikole uja, tikadafika pa 7, koma pa 10 ayi, ngakhale titasala kudya.

Za dzenje louma ndiyenera kuulula pamaso pa mpingo. Mapangano ambiri okumba mijigo amanena kuti madzi akapanda kutuluka kontilakitala salandira kanthu. Lathu lidalibe mawu amenewo, ndipo amene adaliwerenga mothamanga nalipereka kwa abwana kuti asaine ndi yemwe akulemba pano. Ndiponso ndine amene ndidati kuitana katswiri wa makina opimira madzi a pansi kuti afike m'mudzi umenewo n'kutaya ndalama, popeza a gulupu adatilozera malo amene adati agogo awo ankaonapo chinyontho. Mlandu suola: ndidaupeza ukundidikira pa peji 9, pansi pa mawu akuti zolakwika zina zidaoneka.

Ndidakwera njinga yamoto ya ofesi kupita kukaona makaundula a makomiti, mmene mumalembedwa mabanja amene amasonkha ndalama zokonzera mjigo. Anthu adapezeka 1,130, akazi 590 ndi amuna 540, manambala osakongola konse, koma amene munthu angawaloze ndi chala. Pobwerako ndidalemba lipoti la mapeji 5, ndipo ndime yake yoyamba, imene ndidaiwerenga kasanu ndi kawiri ndisanalimbe mtima, idati: tidalonjeza mijigo 10, yatheka 5, tawononga K56 miliyoni mwa K70 miliyoni, zifukwa ndi zitatu, kusintha madola onse kwacha isanagwe, dzenje louma limene tidalilipira chifukwa cha pangano lathu lofooka, ndi chikole, ndi ndalama zotsala tifika pa 7 pofika Epulo, tikupempha chilolezo chotsitsa lonjezo kapena chosamutsa ndalama kuchoka ku mzere wa misonkhano. Pa mutu wa zimene taphunzira, pamene kale ndinkalemba kuti kugwirira ntchito limodzi n'kofunika, ndidalemba kuti madola tidzasintha pang'onopang'ono monga mwa ntchito, ndi kuti sitidzaboolanso popanda kupima. Abwana adaliyezanso m'manja, nadandaula kuti laonda ngati ng'ombe za m'loto la Farao.

Usiku umenewo ndidauza amake ana kuti akonzeke kubwerera ku fodya. Koma yankho lidadza lachidule: mayi uja adathokoza, navomera kusamutsa K13 miliyoni ya misonkhano kuti mijigo ifike 9, nawonjeza kuti mwina tikadanena mu Novembala, osadikira lipoti, akadatithandiza msanga. Anzanga a mu ofesi, amene misonkhanoyo inkawapatsa timaalawansi, sadandipatse moni mwezi wathunthu, ndipo tiyi ndinkamwa ndekha monga wakhate kunja kwa mudzi.

Mu Malichi ndidapita kwa a gulupu aja kukawauza kuti katswiri wa makina adzabwera kudzapima malo ena. Ndidawapeza pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi chitoliro chotsekedwa chija, chimene tsopano ana amamangirirapo mbuzi. Adandilandira ndi ulemu wonse, naitanitsa mpando, ndipo titafunsana za moyo adati, "Mwana wanga, ndidamva kuti zonse za kuno mumazilemba n'kutumiza kwa Azungu. Nanga za ife mudalemba zotani?"

Ndidayankha kuti ndidalemba zoona, kuti dzenje lawo lidauma. Sindidawauze kuti kwa masiku 11, m'kompyuta ina ya kutsidya kwa nyanja, anthu awo 250 adali kumwa madzi oyera m'mawa ndi madzulo.

"Mwachita bwino," adatero a gulupu. "Tsono pobwera ndi katswiri wanuyo mudzandiitane, ndidzamulozere pamene agogo ankaona chinyontho china."