Vesi la Alandilodi

Kale ku Ndirande munthu akakulakwira unkaima pampopi n'kulankhula mokweza ngati ukulankhula ndi ndowa. Masiku ano anthu anatukuka. Amapanga kakanema ka mawu okhaokha, zilembo zikuyandama pasikirini yakuda, kanyimbo kachisoni pansi pake, n'kukaika pa sitetasi ya WhatsApp. Amati akulimbikitsa dziko lonse, koma aliyense amadziwa kuti kalatayo ili ndi mwini wake mmodzi.

Mayi wina wa nyumba zalendi, amene tenanti wake anali atadumpha miyezi iwiri, anapita kwa mnyamata wotchaja mafoni pamsika, katswiri wa CapCut.

"Mwanawe, ndikufuna vesi loti munthu akawerenga asagone."

"Liti, mayi?"

"Salimo 119."

Mnyamata anaika pansi tchaja. Salimo limenelo lili ndi mavesi 176. Anawafotokozera modekha kuti pa sitetasi chala cha munthu chimakhala chokonzeka kudumpha, ndiye vesi labwino lisapitirire mawu 12 kapena 15. Komanso mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi ngati "sindidzakukhululukiraninso" limadzaza mzere wonse wa foni yoimirira, ndipo likaduka pakati limasiya "nso" ali yekhayekha pansi, wopanda m'bale. Mayi anatsegula buku la Miyambo, kumene anthu onse okwiya a m'tauni amakagula zipolopolo, n'kusankha Miyambo 22:7, lonena za wokongola ndi womukongoza.

Nkhondo yeniyeni inabuka pa zilembo. Mayi ankafuna zopiringizika zija za pakhadi laukwati, zagolide, pamwamba pa maluwa ofiira.

"Mayi, zimenezo zimakongola pafoni panu pokha. WhatsApp imafinya kanema kuti achepe, ndiye timichira topyapyalato timasungunuka. Tenanti wanu foni yake ndi yosweka galasi. Adzangoona nyongolotsi zagolide."

Analangiza zilembo zonenepa, zopanda zokongoletsa, zoyera pamwamba pa chakuda, mawu atatu kapena anayi pamzere, ndipo akhale pakati pa sikirini, chifukwa kumwamba kumakhala dzina la mwini sitetasi, kumunsi malo oyankhira. Anawachenjezanso kuti mafonti ambiri okongoletsedwa alibe chilembo cha ŵ. Ukalemba Malaŵi, pakati pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina chongobwerekera. Mayi anamvetsera zonsezi mwaulemu, kenaka anati, "Zagolide zomwezo."

Pa liwiro ndi pomwe ambiri amachimwa, ndipo machimo ake ndi awiri. Ena amatulutsa chilembo chimodzichimodzi ngati taipi ya ku DC, moti pofika liwu lachitatu woonera wapita kale kukaona keke ya tsiku lobadwa la munthu wina. Ena amazunguliza mawu, kuwagudubuza, kuwaphulitsa, vesi n'kutha usanadziwe ngati ndi la Chipangano Chakale. Muyezo wa mnyamatayo ndi wosavuta: werenga mzerewo mokweza kawiri, nthawi imeneyo ndiyo uime pasikirini. Vesi la mayi analigawa patatu, chigawo chilichonse masekondi 4, chomaliza n'kuchisiya masekondi 3 owonjezera kuti chilase mtima. Zonse masekondi 15. Mayi anadandaula kuti ndalama yawo yagula kanema wamfupi, ngati kuti amagulitsa pamita.

"Nyimbo ikhale ya kwaya ya maliro," anatero.

"Yoimba mawu ayi, mayi. Munthu sangawerenge vesi uku kwaya ikumuuza zina m'khutu. Tiike limba lokha, motsitsa, ndipo lizizilala pang'onopang'ono kumapeto, lisaduke ngati magetsi azima."

Apa mnyamatayo ndimamuikira kumbuyo, ngakhale kuti theka la anthu limaonera sitetasi mu minibasi kapena mkati mwa ulaliki, foni itatsekedwa pakamwa. Nyimbo imene anakanganirana mphindi makumi awiri ija imamvedwa kwambiri ndi mwini wake.

Kanema anakwera madzulo, ndi chizindikiro cha CapCut kumapeto kwake, poti mayi anakana kuti achichotse, amvekere chikuoneka chaulemu. Usiku wonse anakhalira kusuzumira mndandanda wa oonera. Apongozi anaona n'kuimba foni kufunsa ngati akunena iwo. Amayi a chigwirizano atatu anaona, awiri n'kusiya kupereka moni. Dzina la tenanti silinatuluke, chifukwa mkuluyo anazimitsa kalekale timizere tabuluu tija, ndipo wotero amaonera sitetasi osasiya phazi.

M'mawa mayi ndi tenanti anakumana pampopi.

"Mayi, kanema uja ndiye wandidalitsa. Kungoti zilembo sizimaoneka bwino. Munganditumizireko? Pali wina ali nane ngongole."

Mayi anatumiza, ndi bandulo yawo. Lendi ilowa mwezi wachitatu Loweruka lino.