Malume Anga Sadzamwaliranso

Kuno kwa Mwambo, bwana akakuitana kumsonkhano tsiku loti sungathe kupita, pali mayankho atatu odziwika. Loyamba ndi "ndiyesetsa", kutanthauza kuti usandidikire. Lachiwiri ndi "ndili m'njira", ukunena uli chikhalire pamkeka, nsapato zili pansi pa bedi. Lachitatu ndi maliro. Mnzanga wina wa pa Jali waika m'manda malume ake katatu chaka chino, chikhalirecho mkuluyo tsiku lililonse ali pa Kachulu, akugula matemba, thanzi lili tayale.

Ine ndine mlembi wa kagulu ka alimi a mpunga kufupi ndi mtsinje wa Likangala. Lolemba madzulo foni inalira. Anali bwana wa ku ofesi ya bungwe lomwe limatithandiza, m'tauni ya Zomba: "Lachitatu 9 koloko, ofesi kwanga, mubwere ndi malipoti." Moni panalibe. Anthu otanganidwa moni amasungira alendo obwera pagalimoto.

Tsoka lake, Lachitatu lomwelo ndi limene tinapangana kuyeza mpunga. Uthenga unali utadutsa kale kwa amfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti, ndipo uthenga woyenda pakamwa subwezedwa ngati wa pafoni. Makiyi a nyumba yosungiramo matumba ali ndi ine, buku la maina ndi sikelo zilinso ndi ine. Mapanga awiri avumbwitsa.

Ndinayamba kulemba. Uthenga woyamba unafunsa za thanzi la bwana, la amayi kunyumba, la ana, unathokoza chitukuko chomwe atibweretsera, n'kutha ndi "zonse adziwa ndi Mulungu". Mkazi wanga atauwerenga anafunsa, "Ndiye abambo, mukupita kapena simukupita?" Ndinauwerenganso. Inenso sindinadziwe. Ulemu unali utadya nkhani yonse, ngati mbuzi yolowa m'dimba.

Wachiwiri unali waufupi: "Sindibwera, ndatanganidwa." Umenewo ndinaufufuta msanga, chala chikunjenjemera. Mawu oti kutanganidwa ndi a mabwana. Mlembi satanganidwa, amangokhala ndi "kavuto pang'ono".

Wachitatu ndi uwu, ndipo ndinautumiza usiku womwewo, nditakwera pachulu pomwe netiweki imapezeka:

"Mwaswera bwanji bwana. Uthenga wanu ndaulandira, zikomo. Pepani, Lachitatu sinditha kufika chifukwa ndi tsiku loyeza mpunga, alimi anauzidwa kale ndipo makiyi ali ndi ine. Ngati n'kotheka ndifike Lachinayi 2 koloko masana kapena Lachisanu 9 koloko m'mawa, musankhe ndinu. Malipoti ndiwajambula n'kuwatumiza mawa. Ngati nkhaniyo singadikire, asungichuma athu angathe kubwera m'malo mwanga."

Mawu oti "sinditha" anandivuta kulemba kuposa ena onse. Koma popanda iwowo bwana amasunga mpando ndi botolo la Fanta, ndipo mkwiyo wa munthu amene wadikira umaposa wa munthu amene wakanidwa. Chifukwa ndinapereka chimodzi chokha. Ukawonjezera kuti njinga yaphulika tayala, mwana akutsokomola, ndiponso msewu waipa, ngakhale zonse zili zoona, zimamveka ngati mwana wasukulu amene sanalembe ntchito.

Pa nthawi m'pamene ambirife timagwera. Timati "tidzaonana mkati mwa sabatayi", kapena "cha kum'mawa". Kum'mawa kwa msodzi wa pa Chilwa kumayamba tambala asanalire, kwa bwana kumayamba akamaliza tiyi. Munthu wotanganidwa ukamupatsa "mkati mwa sabata" wamupatsa ntchito ina yoganiza, ndipo sayankha. Ukamupatsa masiku awiri ndi maola ake, amangoloza limodzi, n'kumvanso kukoma kuti wasankha yekha. Lachinayi ndinaika masana dala. Kuchoka kuno ndi kabaza kaye mpaka pa Jali, kenako kudikira galimoto idzaze, ndipo galimoto yapano siyang'ana wotchi, imayang'ana mipando.

Nditatumiza uthenga uja, timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Yankho osabwera. Usiku wonse ndinkatembenuka, kuwerengera ngati ulembi wanga wathera pomwepo. Mkazi wanga anati ndikadangopha malume ngati anzanga. Ndinamukumbutsa kuti malume anga enieni ndi amene amatibwereka ngolo.

Lachiwiri masana yankho linafika, mawu awiri: "Lachisanu. Chabwino."

Lachitatu tinayeza mpunga mpaka dzuwa kupendeka. Lachisanu ndinadzuka m'bandakucha, malaya ositasita ndi makala, fumbi ndikuliteteza ndi chitenje cha mkazi wanga. Ndinafika pa ofesi isanakwane 9 koloko. Mlembi wawo anandiyang'ana mwachisoni, n'kutsitsa mawu.

"Pepani bambo, abwana kulibe. Apita kumaliro."

"Pepani kwambiri. Atisiya ndani?"

"Malume awo."

Ndinasaina m'buku la alendo, n'kusiya kapepala ka masiku ena awiri ndi maola ake. Ndalama ya thiransipoti sanandibwezere.