Nkhope imodzi, mabotolo awiri

Ndinakula ndikudziwa kuti mafuta ndi mafuta basi. Kwathu botolo la vaselini linali limodzi, amayi ankatidzoza tonse kuyambira pachipumi mpaka kuchidendene, ndipo palibe amene anadandaulapo. Choncho nkhope itayamba kundichititsa manyazi ndili kale bambo wa ana, sindinaganizeko kuti pa nkhani ya kudzola pangakhale choti munthu wamkulu n'kuphunzira.

Zinayamba mu Julaye, kuzizira kwa ku Blantyre kutafika pachimake. Masaya anga anatuwa kuti mbuu, ndipo ndikangosamba nkhope inkakungika moti ngakhale kuseka ndinkaseka mosamala. Ndinadziyeza ndekha n'kudzigamula kuti ndine wa khungu louma. Mankhwala ake sindinawafunire patali. Mayi a kunyumba anali ndi kirimu wawo m'chibotolo chachifupi chapakamwa papakulu, wolimba wochita kutapa ndi chala, wa batala wa koko, amene iwo ankadzola m'miyendo ndi m'zigongono. Ndinayamba kumatapako m'mawa iwo ali kukhitchini, n'kumazira nkhope yonse. Kunena zoona, m'nyengo yozizirayo zinayenda. Masaya anasalala, ine n'kumadzitama mumtima kuti udokotala ndinangouphonya chifukwa cha fizi.

Kenako kunabwera Okutobala, ndipo ntchito inandituma ku Nsanje. Mwachizolowezi ndinamata kirimu uja m'mawa, n'kukwera minibasi. Potsetsereka mapiri a Thabwa ndinamva kumaso kukulemera. Pofika pa mlatho wa Shire ku Chikwawa, thukuta ndi kirimu zinali zitagwirizana, zikutsikira m'maso n'kumalasa. Nditadziyang'ana pa galasi la dalaivala ndinaona chinthu chonyezimira ngati mandasi ongovuulidwa kumene. Mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anandipatsa kansalu osanena kanthu, ndipo chifundo chimenecho chinandipweteka kuposa kusekedwa.

Nditabwerako, pachipumi, pamphuno ndi pachibwano panatuluka tiziphuphu ting'onoting'ono tothithikana. Masaya okha anali bwinobwino, koma chizindikiro chimenechi sindinachiwerenge. Ndinayamba ntchito yofinya, ndipo pamene ndafinya pankasiya banga lakuda. Khungu lathu lakudali lili ndi khalidwe limenelo: malo amene atupa kapena kuvulala amada kuposa pena ponse, ndipo bangalo limatenga miyezi kuti lizimiririke, chiphuphu chenichenicho chitapola kalekale.

Mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, ndiye anandipatsa uphungu. "Alamu, nkhope yanuyi ndi yamafuta. Siyani zolemerazo, muzidzola jelo." Ndinapita kusitolo n'kunena molimba mtima kuti ndikufuna jelo. Mtsikana wogulitsa anayang'ana dazi langa, anayang'ananso kachiwiri, n'kufunsa ngati ndikugulira ana. Ndinamuyankha kuti ndi wanga ndipo andipatse wamphamvu. Anandipatsadi wamphamvu.

Lamulungu m'mawa ndinamupaka nkhope yonse. Anali wozizira bwino, woonekera mkati, wosanona, ndendende mmene mlamu ananenera. Ndili m'tchalitchi, nyimbo yoyamba isanathe, nkhope inauma gwa. Nsidze zinaima chilili. Nditayesa kutsegula pakamwa kuti ndiyimbe, ndinamva khungu likung'ambika pang'onopang'ono, ndipo tizinthu toyera tinayamba kuyoyokera pa jekete. Potuluka, mayi wina wachikulire wa chigwirizano anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo, matenda sabisa. Tiuzeni tikupempherereni." Uja anali jelo wa tsitsi. Ntchito yake ndi kuumitsa tsitsi kuti likhale pamene laikidwa, ndipo pa nkhope yanga anagwira ntchito yake mokhulupirika.

Ndinatsala pang'ono kuwonjezera tsoka lachitatu. Mnyamata wina wa mumsika ataona mabanga aja anatulutsa kachubu, akuti kamayeretsa pa sabata imodzi. Chinandipulumutsa ndi kuchepa kwa ndalama m'thumba. Mawa lake ndinalowa m'famase, ndipo mayi amene ndinawapeza anamvetsera nkhani yonse atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Za kachubu kaja sanaseke. Anati machubu ambiri otere amakhala ndi mankhwala amphamvu a sitiroyidi, amene madokotala amalembera matenda ena a pakhungu kwa nthawi yochepa. Munthu akamadzola kumaso tsiku ndi tsiku, khungu limapyapyala, limayera mwamawangamawanga, ndipo ziphuphu zimabwerera zochuluka kuposa poyamba.

Funso lawo loyamba silinali la mafuta. "Kumasoko mumasamba ndi chiyani, bambo?" Ndinayankha kuti sopo yemweyo wochapira zovala, ndi madzi otentha. Apo ndiye panagona nkhani. Sopo wochapira amapangidwa kuti achotse mafuta pa nsalu, ndipo pakhungu amakokolola ndi mafuta achilengedwe omwe amene amatchinga madzi kuti asathawe. Kukungika kumene ndinkamva mu Julaye kunali kwa sopo ndi mphepo, osati umboni woti nkhope yonse ndi youma.

Anandipatsa ntchito ya kunyumba. Ndisambe kumaso ndi sopo wofatsa ndi madzi ofunda pang'ono, ndipukute, ndisadzole chilichonse, ndidikire ola limodzi pamthunzi. Kenako nditenge tizidutswa ta tishu wopyapyala, ndidinde kena pachipumi, kena pamphuno, kena pachibwano, kena pamasaya, n'kutiyang'ana pa kuwala. Tishu akanyowa mafuta paliponse, khungu ndi lamafuta. Akatuluka wouma paliponse, nkhope n'kumakoka ndi kutuwa, khungu ndi louma. Ndinachita zimenezo ana akundizungulira. Ka pachipumi ndi ka pamphuno tinatuluka ndi madontho oonekera, ka pachibwano pang'ono, koma ka pamasaya kanatuluka mmene kanalowera. Nkhope yanga ndi yosakanikirana: mzere wapakati umatulutsa mafuta ambiri chifukwa ndi mmene muli tizigawo tambiri topanga mafutawo, pamene masaya ndi ouma. Kirimu wa mayi a kunyumba ankathandiza masaya n'kumalemetsa pakatipo, ndipo batala wa koko amadziwika kuti kwa anthu ena amatseka timabowo ta pankhope.

Nditabwerera, mayi aja anandandalika mabotolo atatu pa kauntala. Kusiyana kwake, anati, kwagona pa kuchuluka kwa madzi ndi mafuta. Jelo wa kumaso pafupifupi yense ndi madzi, osakaniza ndi zinthu zokoka chinyezi monga gilisalini. Mafuta mulibe kapena ndi ochepa zedi, n'chifukwa chake amalowa msanga osasiya kunyezimira. Loshoni ali ndi madzi ambiri ndi mafuta pang'ono, ndipo mukapendeketsa botolo amayenderera. Kirimu ali ndi mafuta ochuluka. Chibotolo chake mutha kuchizondotsa iye osagwa. Kupitirira apo ndi vaselini, amene alibe madzi n'komwe. Iye sawonjezera chinyezi koma amatsekera chimene chilipo kale, ndiye chifukwa chake amathandiza kwambiri milomo yothetheka ndi ming'alu ya kuchidendene, makamaka mukadzola khungu likadali lonyowa.

Ine ndinafuna kungonyamula jeloyo n'kumapita, poti mlamu anali atanena kale. Anandiletsa. Jelo amabweretsa madzi koma alibe chowatsekera, choncho pa masaya ouma, makamaka mu Juni ndi Julaye mpweya ukauma, madziwo amauluka ndipo pofika masana munthu watuwanso. Ena mwa majelo amakhalanso ndi sipiriti wambiri kuti aziuma msanga, ndipo amenewo amalasa pa khungu lothetheka. Zimenezi zimaoneka kuseri kwa botolo, pamene zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri kutsika m'munsi. Sipiriti akakhala m'mizere yoyambirira, wa masaya ngati anga alisiye botololo pa shelefu.

Ndinatuluka ndi mabotolo awiri, jelo ndi loshoni wa kumaso wopanda fungo, onse olembedwa kuti satseka timabowo ta pakhungu. Mawu amenewo, mayi aja anachenjeza, si lumbiro ayi, koma ndi poyambira pabwino. Malangizo anali achidule. Kusamba kumaso kawiri patsiku, osapitirira. Kudzola pasanathe mphindi zochepa, nkhope isanaumiretu. Jelo wokwana njere imodzi ya mtedza pachipumi, pamphuno ndi pachibwano. Loshoni wochuluka chomwecho pa masaya awiri. Ine amene ndinazolowera kutapa ndi zala zitatu ndinaona ngati akundinyoza, koma amakwanadi. Kukazizira, masaya alandire kirimu usiku, pakati pakhalebe pa jelo. Ulendo wa ku Chigwa cha Shire ukapezekanso, jelo yekha nkhope yonse akwanira.

Chovuta kwambiri chinali kudikira. Mafuta atsopano amayamba ayesedwa kuseri kwa khutu kwa masiku angapo, kuti ngati akuyabwa kapena kutupitsa, ayabwe pobisika. Akadutsa pamenepo, apatsidwe pafupifupi mwezi, chifukwa khungu lapamwamba limatenga nthawi yotere kuti lisinthike. Mwezi umenewo munthu aziyang'ana zizindikiro. Nkhope ikamanyezimira pasanathe maola awiri, tiziphuphu n'kumawonjezeka, mafutawo alemera. Ikamakoka ndi kutuwa dzuwa lisanafike pamutu, apepuka. Ikamawotcha kapena kuyabwa, vuto si kulemera koma chosakaniza china, kawirikawiri mafuta onunkhiritsa, ndipo pamenepo n'kusiyiratu tsiku lomwelo. Ziphuphu zikuluzikulu zopweteka, kapena zigamba zoyabwa zotuluka madzi, sizimva loshoni wa mtundu uliwonse; zimenezo n'zakuchipatala.

Tiziphuphu tinasiya kutuluka mvula yoyamba isanagwe. Mabanga ndiwo anandiperekeza mpaka chaka chinacho, ndipo lina pamwamba pa nsidze yakumanja likadalipo. Mayi a kunyumba nawo sanakhale chete. Anaika chibotolo chawo patebulo, chitatsala pansi penipeni, n'kufunsa modekha kuti, "Bambo a ana, kodi m'nyumba muno muli mbewa yodzola?" Ndinagula china, chachikulu kuposa choyambacho, ndipo masiku ano amachitsekera m'sutikesi. Jelo wa tsitsi uja anatenga ndi mlamu, amene mpaka lero amakana kuti analakwitsa kalikonse, poti iye anati jelo ndipo ine ndinagula jelo.

Inu amene mukufuna kusintha mafuta, yambani mwaona sopo amene mukusambira kumaso, kenako chitani za tishu zija musanatulutse ndalama. Ndipo mukafika kusitolo, chonde nenani momveka kuti mukufuna jelo wa kumaso.