A Tcheya Ali Moyo, Chalakwa Ndi Chipepala

Kwa Changata kuno, uthenga ukafuna kufika kwa anthu umamatidwa pamtengo wa m'mbali mwa msewu wa ku Makwasa, pakhoma la chigayo, kapena pachitseko cha okala. Ouwerenga ake ndi mayi amene waweruka kothyola tiyi miyendo ili lende, ndi mnyamata wa kabaza amene akuthamangira kasitomala. Anthu oterewa saima. Diso lawo limagwera pa chinthu chachikulu, lidumphira pa chithunzi, ndipo likapeza njira limatsikira pamene palembedwa choti achite. Likapanda kuipeza njirayo limabwerera kumsewu.

*

Kwaya ya mpingo wina inakonza zoimba kuti ipeze ndalama za malata. Alembi anapita kukasindikiza chipepala pa Thyolo boma, ndipo poti ulemu ndi ulemu, pamwamba penipeni anaika chithunzi cha a Tcheya atavala suti, nkhope ili ndwii. Pansi pake dzina lawo m'zilembo zikuluzikulu zakuda. Mawu oti kuli zoimba anakhala kumunsi, ang'onoang'ono, pakati pa mayina a komiti yonse mpaka wothandizira msungichuma.

M'mawa mwake amayi awiri anafika pakhomo pa a Tcheya ndi kambale ka ufa, maso ali pansi. Anawapeza eni ake akusenda chinangwa pakhonde.

"Ii, bambo, mwadzuka?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?"

"Ayi, tikufunsa kuti mwadzukadi?"

Amayiwo sanalakwe. Kuno nkhope ya munthu mmodzi ndi dzina lake pamwamba pa pepala zimatanthauza zinthu ziwiri zokha: mwina watisiya, mwina akuimira ukhansala. Chimene wachikuza kwambiri ndicho anthu amachitenga kuti ndiyo nkhani, zina zonse ndi zokometsera.

*

Ulendo wachiwiri alembi aja anati aphunzira. Anakuza chilichonse. Dzina la kwaya lalikulu, tsiku lalikulu, vesi lalikulu, ngakhale "nonse ndinu olandiridwa" wamkulu. Pepala linadzaza thothotho ngati minibasi ya tsiku la malipiro, moti diso linasowa pokhala. Mkulu wina analiyang'ana kwa kanthawi nkuti, "Pepalali likundikalipira, koma sindikumva chomwe ndalakwa."

Chilembo chimaoneka chachikulu pokhapokha pali chaching'ono pambali pake. Ndipo malo oyera osalembapo kanthu si kuwononga pepala, ngakhale msungichuma amaona choncho chifukwa walipira pepala lonse.

*

Anyamata a timu ya m'mudzi ndiwo anachita mwanzeru, ngakhale anayamba ndi ndewu. Kapiteni ankafuna kuti mutu ukhale wakuti "Chidziwitso kwa anthu onse okonda masewero a mpira wamiyendo a m'dera lino ndi madera ozungulira". Goloboyi, yemwe anagwirapo ganyu kwa wolemba zikwangwani ku Limbe, anamuuza kuti, "Achimwene, wa kabaza akamamaliza kuwerenga zimenezo akhala ali mu ngalande."

Anasiya liwu limodzi: MPIRA. Olemba zikwangwani ali ndi kawerengedwe kawo, koti chilembo chotalika masentimita awiri ndi theka chimawerengeka mosavutikira pa mtunda wa mamita atatu. Kuchoka pamtengo paja kufika pakati pa msewu ndi mamita ngati 6, choncho zilembo zinafunika kutalika masentimita 5. Apa mtsikana wa pakompyuta anakana, akuti mu Word kukula kwa zilembo kumathera pa 72. Ndi mndandanda wokha umene umathera pamenepo. Ukadina m'kabokosi kaja nkulemba wekha 200, makina amavomera, ndipo zilembo zisanu za Arial yonenepa zimakwana bwino m'lifupi mwa pepala la A3, lomwe ndi masentimita pafupifupi 30. M'lifupi mwa A4 sizikanakwana, nchifukwa chake anasonkherana ndalama ya pepala lalikulu.

Pansi pa mutuwo anaika chithunzi chimodzi chokha, cha mnyamata akumenya mpira, mwendo ndi maso ake zitaloza kumunsi chakumanja. Kumeneko ndiko anaika choti anthu achite: "Bwerani Loweruka, 2 koloko, pabwalo la sukulu", pa 72, zomwe zimatulutsa zilembo zotsala pang'ono kukwana masentimita awiri, zoti amene wakopeka nkusendera pafupi aziwerenge. Mayina a matimu ndi mphoto anazilemba pa 24. Masaizi atatu basi, lililonse lochepa pafupifupi katatu poyerekeza ndi linzake la pamwamba.

Kapiteni anapempha kuti dzina lake likhalepo ndithu. Analiika pa 24. Mpaka lero salankhulana bwino ndi goloboyi.

*

Za maso a chithunzi zisaoneke zachibwana. Munthu akaona nkhope, ngakhale ya chiweto, amayang'ana kumene nkhopeyo ikuyang'ana. Bambo wina wogulitsa mbuzi anaika chithunzi cha tonde wake kumanja kwa pepala, tondeyo akuyang'ana kunja, nambala ya foni ili kumbuyo kwa mchira. Pambali pake pakhomapo panali chidziwitso cha telala. Sabata yonse telala uja ankalandira mafoni. "Mayi, ya mkaka muli nayo?" Mayiwo ankayankha kuti ali ndi ya sukulu ndi ya Mvano, poganiza kuti akufunsa yunifolomu.

Mankhwala ake ndi kutembenuza chithunzi pakompyuta kuti chiyang'ane mkati, kumene kuli nambala. Kwa mbuzi palibe vuto. Koma samalani ngati wojambulidwayo wavala malaya olembedwa, chifukwa mawu nawo amatembenuka. Gulu lina la banki m'khonde linatero ndi chithunzi cha amayi awo, ndipo agogo ena anafunsa ngati tsopano ngongole ikuchokera kwa Aluya.

*

Komiti ina yogawa mbewu ya nthochi yopanda chisaka, matenda aja anasesa minda ya ku Thekerani ndi Masambanjati, inapanga chipepala chokongola kwabasi pakompyuta. Kumbuyo kuli munda wobiriwira, tsiku ndi malo zili m'zilembo zofiira. Ndalama itachepa anati angopanga fotokope. Kufiira ndi kubiriwira kukalowa m'makina osatulutsa mitundu, zonse zimasanduka phulusa lofanana. Mutu unaoneka, nthochi inaoneka, tsiku linamira m'masamba. Anthu anabwera ndithu, ena Lachiwiri, ena Lachinayi, ena anatumiza ana tsiku lililonse kuti akasuzumire.

Diso silitsata kukongola kwa mtundu, limatsata kusiyana kwa kuda ndi kuyera. Choti anthu achite chilembedwe chakuda pamalo oyera, kapena choyera m'kabokosi kakuda. Ndipo inki yofiira ndiyo imayamba kufwifwa padzuwa, ngakhale mutalipira ya mitundu.

Musanasindikize mapepala 50, tulutsani limodzi, mulimate, mubwerere m'mbuyo mapazi khumi nkutsinzina pang'ono mpaka zilembo zisokonekere. Pazitsala zigamba zitatu, chachikulu pamwamba. Pakatsala chigamba chimodzi chotuwa, yambiraninso. Kenaka itanani munthu amene sali m'komiti, aliyang'ane kamphindi, mulibise, mumufunse kuti kuli chiyani, liti, kuti. A komiti ya nthochi anayesa izi pa agogo ena odutsa.

"Agogo, mwaonapo chiyani?"

"Ndaona kuti kumunsiku mwasiya pepala labwino loyera. Mukamata mundiuze, ndidzang'ambeko lopichirira fodya."

Tsiku ndi malo anazikwezako m'mwamba ndi zala zinayi.