Mmene mungalakwire samu yokhala ndi kankhani, osatuluka thukuta

Ananu a Sitandade 7 ndi 8, aphunzitsi anu akhala akukuvutitsani ndi malamulo atatu nthawi zonse akagawa pepala la masamu okhala ndi kankhani. Amati pezani manambala amene mwapatsidwa, pezani chimene chafunsidwa, kenaka sankhani chochita: kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa kapena kugawa. Malamulowo ndi abwino, koma ali ndi vuto limodzi lalikulu. Amafuna kuti munthu awerenge nkhani yonse. Ine ndabwera kudzakupulumutsani ku chintchito chimenechi.

Tiyambe ndi manambala. Pepala likangofika pa desiki, maso anu adumphe mawu onse n'kukatera pomwe pali nambala. Chilichonse chooneka ngati nambala chizungulizeni ndi pensulo, ndipo musasankhe. Nambala ya funso imene ili kumanzere ija ilowe. Zaka za mwini nkhani zilowe. Wolemba funso sangawononge inki polemba nambala yopanda ntchito.

Musachite manyazi, muli ndi anzanu kunja. Cha mu 1980, akatswiri ofufuza za kaphunzitsidwe ka masamu ku Grenoble, m'dziko la France, anafunsa ana a pulayimale funso lakuti m'sitima ya pamadzi muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10, ndiye woyendetsa sitimayo ali ndi zaka zingati. Mwa ana 97, ana 76 anapereka yankho pogwiritsa ntchito manambala omwewo, ndipo yankho lotchuka linali 36. Taonani luntha lake. Akanachotsera akanapeza 16, woyendetsa sitima wamng'ono kwambiri. Akanachulukitsa akanapeza 260, nkhalamba yoposa muyeso. Choncho 36 anakhala bwino. Funsolo linalibe yankho n'komwe, koma mwana wolemekeza akuluakulu sabweza pepala lopanda kanthu.

Nambala imene yalembedwa m'mawu ndiye muisiye. Funso likati bambo wina amagwiritsa ntchito K1,500 tsiku lililonse kwa sabata ziwiri, "sabata ziwiri" si nkhani yanu. Anthu okonda mavuto amati mmenemo mwabisala masiku 14 ndipo yankho ndi K21,000. Inu mwaona nambala imodzi yokha, ilembeni yomweyo, muike mzera kunsi.

Tsopano tifike pamene pagona chinsinsi chenicheni, posankha chochita. Pali mawu ena amene amagwira ntchito ngati chizimba. Mukaona "pamodzi" kapena "kuposa", wonkhetsani. Mukaona "zatsala", chotserani, ndipo nthawi zonse chotsani nambala yaing'ono ku yaikulu. Osafunsa mafunso. Tiyese ndi funso ili:

"Agogo atagulitsa nkhuku 9 pamsika, m'khola munatsala nkhuku 14. Kodi poyamba anali ndi nkhuku zingati?"

Mwaona "munatsala"? Basi, ntchito yatha. 14 kuchotsera 9 ndi 5. Agogo anali ndi nkhuku 5, anagulitsapo 9, n'kutsala ndi 14. Agogo oterewa sayenera kukhala kumudzi, ayenera kupatsidwa unduna wa zachuma. Mnzanu wa pa desiki yakutsogolo uja adzakuuzani kuti liwu lakuti "munatsala" likufotokoza zimene zachitika kale m'nkhaniyo, pomwe chafunsidwa ndi chiwerengero cha nkhuku zisanagulitsidwe. Adzati muyenera kubweza nkhuku zogulitsidwazo m'khola, 14 kuwonkhetsa 9, kuti mupeze 23, ndipo mukachotsapo 9 zitsaladi 14. Musamumvere ameneyo, amakonda kudzionetsa.

"Kuposa" nayenso ndi bwenzi lokhulupirika. Chikondi ali ndi mango 12, ndipo akuposa Mphatso ndi mango 5. Mphatso ali ndi angati? Wonkhetsani, mupeze 17. Zoti woposedwayo tsopano ali ndi ambiri kuposa womuposa zisakudetseni nkhawa. Yankho lakuti 7 limafuna kuti muyambe mwadzifunsa kuti mwa awiriwa ali ndi ambiri ndani, ndipo kumeneko n'kulowerera za eni.

Nanga funso lenileni, lija limakhala kumapeto ndi chizindikiro chake chokhota? Limenelo muliwerenge mukatuluka m'kalasi. Onani chitsanzo ichi, chimene chili ndi misampha yonse pamodzi:

"Anthu 68 akupita ku ukwati ku Dedza. Minibasi imodzi imanyamula anthu 15, ndipo munthu aliyense alipira K2,500. Pafunika maminibasi angati kuti onse apite?"

Wosaphunzira njira yanga amayamba ndi mzera womaliza. Amaona kuti afunsidwa maminibasi, osati ndalama, ndiye K2,500 amaikhwatcha chifukwa ilibe gawo pa funsoli. Amatsala ndi anthu 68 ndi mipando 15. Amadzifunsa kuti magulu a anthu 15 angatuluke angati mwa anthu 68, ndipo apo ndi pamene amadziwira kuti samu yake ndi yogawa, ngakhale liwu lakuti "gawani" mulibe m'funsomo. Maminibasi 4 anyamula anthu 60, pansi patsala anthu 8. Anthu 8 amenewa nawonso avala zaukwati, choncho pafunika minibasi yachisanu. Amalemba kuti maminibasi 5. Taonani nthawi imene wataya!

Inu muli ndi njira zachidule zingapo. Yoyamba ndi kuchulukitsa 68 ndi 2,500, chifukwa nambala yaikulu imafuna ulemu. Mupeza 170,000. Imeneyo ndi ndalama yonse imene anthuwo alipire, yankho lolondola la funso limene palibe amene wafunsa. Lembani kuti pafunika maminibasi 170,000, ndipo apolisi a pamsewu wa M1 adziwa chochita.

Ngati mwagawa mwangozi, musataye mtima, mpata wolakwa ukadalipo. Lembani "4, kutsala 8" n'kusiyira pomwepo. Wochonga adzadziwa yekha ngati 8 ameneyo ndi anthu, matayala kapena maminibasi. Amene mumakonda madesimo lembani 4.5, kuti alendo ena akwere theka la minibasi, makamaka lakutsogolo lomwe lili ndi injini. Mukhozanso kutaya zotsalazo n'kulemba 4 yekha. Apa ndikuvomereza kuti kondakitala aliyense akhala mboni yanu, pakuti 68 kugawa ndi 4 ndi 17 ndendende, ndipo kuika anthu 17 m'galimoto ya anthu 15 kwa iye si samu yovuta, ndi nkhani ya "tasunthani pang'ono, amayi". Tsoka lake a MANEB ku Zomba salemba makondakitala ntchito yochonga mayeso.

Chinthu chimodzi chokha chingawononge zonse zimene ndakuphunzitsanizi, ndipo muchipewe. Mukapeza yankho, musalibwezere m'nkhani muja kuti muone ngati likumveka. Musalembe dzina la chinthu pafupi ndi nambala, chifukwa mukangolemba "nkhuku 5" kapena "maminibasi 170,000", mutu umayamba kufunsa zosafunika, ndipo dzanja limapita lokha ku labala. Nambala izikhala yokhayokha.

Aphunzitsi akakuitanani ku bolodi kuti mufotokoze mmene mwapezera yankho lanu, imani mowongoka, gwirani choko mwamphamvu, muloze liwu lija munalizunguliza, munene kuti, "Aphunzitsi, apa alemba kuti munatsala." Akakufunsani kuti agogo anagulitsa bwanji nkhuku 9 ali ndi 5 zokha, ayankheni mwaulemu kuti zinazo anabwereka kwa aneba.