Kalata ya ahedi yomwe yatekesa dera lonse

Ana a pasukulu ya pulayimale ya m'dera lathu muno mu Blantyre anaweruka Lachisanu aliyense atanyamula kalata ya tsamba limodzi. Ena anaifikitsa kunyumba ili yosalala, ena itanyowa ndi mafuta a zitumbuwa, ndipo mnyamata wina wa Sitandade 3 anaipinda n'kukhala ndege yomwe inakatera padenga la aneba. Pofika Loweruka m'mawa, kalatayo inali itawerengedwa kuchigayo, pakiyosiki ya madzi, kwa wometa ndi pasiteji ya akabaza, ndipo paliponse inkamveka mosiyana.

Zimene kalatayo ikunena n'zosavuta. Sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi chifukwa cha mvula yamkuntho, mliri kapena vuto lina, makolo azilandira uthenga wa SMS pafoni zawo. Kuti uthengawo ukupezeni, mudule kachidutswa kamene kali m'munsi mwa kalatayo, mulembepo dzina la mwana monga lilili m'kaundula wa sukulu, kalasi yake, dzina lanu, ndi manambala awiri a foni, yoyamba ndi yapadera. Musayine, kenako mukapereke kwa mphunzitsi wa kalasi kapena ku ofesi Lachisanu likudzali lisanadutse. Sabata yotsatira sukulu idzatumiza uthenga woyesera. Amene sadzaulandira apite ku ofesi ndi foni yake m'manja. Kulembetsa n'kwaulere.

Pakiyosiki ya madzi nkhani inayambira pa mawu akuti kwaulere. Mayi wina anatula chigubu n'kunena kuti chaulere cha pafoni iye anasiya kuchikhulupirira tsiku limene anauzidwa kuti wawina ndalama pa mpikisano umene sanalowe nawo. Anzake anaseka, koma palibe anamutsutsa, poti m'dera lino ndi ochepa amene sanalandirepo uthenga wa munthu wosamudziwa wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Mantha a mayiyo ali ndi maziko, ndipo ahedi anachita bwino kuwayankhiratu m'kalatamo. Uthenga wa sukulu uzibwera ndi dzina la sukulu pamwamba, uzitchula tsiku lotseka ndi chifukwa chake, basi. Sudzakupemphani ndalama, sudzakufunsani nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena ya Mpamba, ndipo sudzakuuzani kuti muyimbire munthu wina kuti mwana wanu athandizidwe. Uthenga uliwonse wonena kuti mwana wavulala, tumizani ya thiransipoti mwamsanga, ndi wa akuba, ngakhale utchule dzina la mwanayo molondola.

Kwa wometa mkangano unali wina. Anyamata a mafoni akuluakulu ankafunsa chifukwa chake sukulu ikubwerera m'mbuyo ndi ma SMS pomwe gulu la WhatsApp la makolo lilipo kale. Anawayankha ndi bambo wina wachikulire amene anali pampando, mbali imodzi ya mutu itametedwa kale. Anatulutsa kafoni kake kamabatani, komangidwa ndi labala, n'kunena kuti aka kamatha masiku angapo osatchaja, ndipo meseji imalowa ngakhale mulibe mayunitsi. WhatsApp imafuna foni yodula, imafuna bando, ndipo usiku wa mvula yamkuntho magetsi akathima mafoni akuluakulu ndi amene amayamba kufa. Wina anawonjezera kuti m'gulu la makolo lija uthenga wa ahedi umakwiririka pansi pa mavesi a m'mawa, malonda a kaunjika ndi zithunzi za ukwati. Pamenepo onse anavomereza, ngakhale mwini wake wa malonda a kaunjika amene anali pamzere womwewo.

Chimene chinachititsa kuti anthu asiye nthabwala pang'ono n'kukumbukira zimene tadutsamo. Mu Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona, koma apo boma linalengeza kudakali masiku. Mu Januwale 2023 zinali zothina: kutangotsala tsiku kuti teremu iyambe, kunalengezedwa kuti sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zisatsegulidwe chifukwa cha kolera, ndipo makolo amene sanamvere wailesi anamva nkhaniyo ana atachapa kale yunifolomu. Patangopita miyezi iwiri kunabwera namondwe wa Freddy, maphunziro anaimitsidwa m'maboma 10 a m'chigawo chakummwera, ndipo madzi ndi matope ochokera m'phiri la Soche anapha anthu ambiri ku Chilobwe. Kholo lililonse la mumzinda uno likudziwa tanthauzo la mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kufika pakamtsinje kodzaza, chikwama kumsana, osadziwa kuti kutsidya geti ndi lotseka. Uthenga wofika nthawi ya 5 koloko m'mawa umamusunga mwanayo m'nyumba.

Kuchigayo ndi kumene kunatuluka nkhani imene ine ndikuiona kuti ndi yofunika kuposa zonse. Agogo ena akulera zidzukulu zitatu, wa Sitandade 2, wa 5 ndi wa 7. Mayi wa anawo amagwira ntchito ku Joni ndipo ndi amene amalipira chilichonse. Agogowo, mwaulemu wawo, anafuna kulemba nambala ya mwana wawoyo poti ndiye kholo. Mtsikana wa pasikelo anawafunsa kuti, "Agogo, mvula ikagwa kuno, amene amadzutsa ana ndi ndani?" Agogo anaseka n'kuyankha kuti ndi iwo amene. Ndiye nambala yoyamba iyenera kukhala ya foni imene imagona m'nyumba momwe mwanayo amagona. Kalata yanena poyera kuti manambala akunja, monga oyamba ndi +27, salandiridwa, ndipo ngakhale akanalandiridwa, uthenga wopita ku Joni uyenera kubwereranso kuno mwanayo asananyamuke.

Vuto lachiwiri linali lakuti foni ya agogowo imathima kawirikawiri, poti amakatchajitsa pagolosale. Apa ndi pamene nambala yapadera imagwira ntchito. Anagwirizana kuti alembe ya mayi woyandikana nawo khomo, amene mwana wake amaphunzira pasukulu yomweyo ndipo ana onsewo amayendera limodzi. Anayamba akamupempha kaye, monga kuyenera, poti nambala ya munthu silembedwa mwini wake asakudziwa. Funso lomaliza linali lakuti zidutswa zibwezedwe zingati. Yankho ndi zitatu, mwana aliyense chake, ngakhale manambala ndi omwewo. Chifukwa chake n'chakuti nthawi zina sikutsekedwa sukulu yonse: denga la buloko ya ana aang'ono likasasuka ndi mphepo, a Sitandade 2 akhoza kuuzidwa kukhala kunyumba pomwe a Sitandade 7 akuphunzira. Nambala ikalembedwa pa mwana mmodzi yekha, uthenga wa kalasi ya winayo sufika.

Abambo a pasiteji ya akabaza nawo anali ndi zawo. Mmodzi ananena monyadira kuti nambala yolembedwa iyenera kukhala ya mutu wa banja. Mnzake anamukumbutsa kuti iye amanyamuka mdima usanachoke kukasaka makasitomala a kumsika wa Limbe, foni ili m'thumba la jekete, injini ikulira, ndipo meseji amadzaiona masana akamadya chiwaya. Mutu wa banja uja anakanda m'mutu n'kuvomera kuti ya mayi a kunyumba ikhale yoyamba, yake ikhale yapadera. Wina anafunsa ngati uthengawo uzibweranso kwa akabaza, kuti asamavutike kupita kukatenga ana amene sakupita kusukulu. Anamuuza kuti abereke kaye wake.

Pali zolakwika zing'onozing'ono zimene aphunzitsi akuti zayamba kale kuoneka pa zidutswa zobwezedwa. Nambala ya foni ya m'manja kuno imakhala ndi manambala 10 ukayamba ndi ziro, monga zoyamba ndi 099 kapena 088. Mukafuna kuyamba ndi +265, ziro uja amachoka n'kutsala manambala 9. Ena akulemba +265 ndi ziro yemwe, ena akudumpha nambala imodzi pakati, ndipo ena 1 wawo akufanana ndi 7. Kalaliki wa ku ofesi amalemba zimene waona, ndipo nambala imodzi ikalakwika uthenga wa mwana wanu ukalandiridwa ndi munthu wa ku Karonga. Njira yabwino ndi kuuza wina ayimbe nambalayo akuwerenga papepalapo, muone ngati foni yanu ikulira.

Palinso za simukhadi. Ambiri tili ndi ziwiri, ina yoyimbira, ina imene timaiika pokhapokha tikafuna bando yotchipa. Lembani imene imakhala mufoni usiku wonse. Simukhadi imene yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa, ndipo nambala yake ikhoza kupatsidwa kwa munthu wina, choncho mukasintha nambala kapena foni ikabedwa, kauzeni a ku ofesi sabata yomweyo. Eni ake a timafoni tamabatani akumbukirenso kuti malo osungira mameseji amadzaza. Kachizindikiro ka envulopu kakamaphethira pamwamba, ndiye kuti uthenga watsopano ukulephera kulowa mpaka mutafufuta akale.

Mkulu wina wa komiti ya sukulu, titakumana potuluka kutchalitchi, anatsindika malire a dongosololi. Uthenga umadalira netiweki, ndipo pa nthawi ya Freddy madera ena anakhala opanda magetsi ndi netiweki yomwe. Choncho foni ikakhala chete sizitanthauza kuti njira ili bwino. Mukadzuka n'kuona mtsinje wadzaza, mwana asawoloke, meseji ibwere kapena isabwere. Wailesi ndi machenjezo a nthambi yoona zanyengo zidakali ndi ntchito yake. Ndipo sukulu ikatsekedwa ana ali kale m'kalasi, uthenga uzinena ngati makolo abwere kudzawatenga, kuti ang'onoang'ono asamwazikire mumvula okha.

Amene akudandaula kwambiri ndi kalatayi ndi anyamata a Sitandade 6. Kale mitambo ikangoda kunkamveka kuti "akuti lero kulibe sukulu", ndipo ukafunsa amene wanena, aliyense ankaloza mnzake. Tsopano mayi azingotulutsa foni m'chitenje n'kuyang'ana. Mnyamata wina akuti anayesa kupempha kuti palembedwe nambala ya mkulu wake wa Fomu 2, amene amamvana naye bwino, koma mphunzitsi anabweza kachidutswako kuti asayine munthu wamkulu.

Ngati kalata yanu ndi ija inakatera padenga, ku ofesi ya ahedi kuli zina. Pitani Lachisanu lisanafike, mutenge foni yanu, ndipo nambala muiwerenge kawiri musanasayine.